Kodi Akanagulabe? Kuyeza Mauthenga Otsatsa Malonda, Kale ndi Lero

M'zaka za m'ma 1910 ndi 1920, m'makampani a ku America ogulitsa katundu kudzera pa positi, ntchito ya tsiku inkayamba ndi matumba a makalata. Makalaliki ankakhuthulira maenivulopu patebulo n'kumang'amba imodziimodzi. M'kati munkatuluka kapepala kodulidwa m'nyuzipepala kapena m'magazini, mlimi wa kutali atalembapo dzina lake, adiresi yake ndi katundu amene akufuna. Pakona pa kapepalako pankakhala kanambala kakang'ono kamene wogulayo sankakalabadira n'komwe. Kwa mwini kampani, kanambalako kanali maso ake. Tinene kuti 14 inkaimira nyuzipepala yakuti, 15 n'kuimira magazini yakuti. Madzulo kalaliki ankalemba m'buku lalikulu kuti 14 yabweretsa maoda angati ndipo 15 yabweretsa angati. Mwezi ukatha, uthenga umene sunabweze ndalama zake ankauchotsa, ngakhale ukhale wokongola chotani, ngakhale akhale kuti anaulemba ndi bwana mwiniwake.

Anthu a nthawi imeneyo ndimawasirira. Analibe kompyuta, analibe foni yam'manja, koma ankadziwa chimene akuwerenga. Claude Hopkins, mmodzi mwa akatswiri olemba mauthenga otsatsa malonda, anatulutsa buku lotchedwa Scientific Advertising mu 1923, ndipo mfundo yake inali yakuti mikangano ya mu ofesi, yoti uthenga uti ndi wabwino, ithetsedwe ndi ogula. Ankalangiza kuti usanamwaze ndalama dziko lonse, uyambe wayesa m'matauni ochepa, uwerenge makuponi obwerera, ndipo ukaona kuti zikuyenda ndi pamene ukulitse. Pambuyo pake nyuzipepala zina zinayamba kusindikiza mauthenga awiri tsiku limodzi, kope ili uthenga woyamba, kope lotsatira uthenga wachiwiri, mosinthanasinthana pamene makope akutuluka pa makina. Palibe ankasankha kuti nyumba iti ilandire uthenga uti. Mwini katundu ankangodikira makalata. Kudikirako kunkatenga masabata, ndipo anthu ankadikira ndithu, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chinkachititsa kuti kuwerenga makuponi kukhale kodalirika n'chakuti makampani ambiri otere anali ndi khomo limodzi. Analibe sitolo m'tauni ya wogulayo. Munthu amene sanaone uthenga kapena katalogi analibe njira ina yodziwira za katunduyo, ndiye kuponi ikafika, panalibe chifukwa chokayikira kwambiri kuti uthenga ndi umene wabweretsa ndalamazo. Wobwera kudzera pa uthenga ndi wobwera chifukwa cha uthenga anali munthu mmodzimodzi.

Eni masitolo akuluakulu a m'mizinda analibe mwayi umenewo. John Wanamaker wa ku Philadelphia, amene anamwalira mu 1922, amakumbukiridwa ndi dandaulo limene anthu amati ndi lake, lakuti theka la ndalama zimene ankatsatsira malonda zinkalowa m'madzi, koma sankadziwa kuti ndi theka liti. Sitolo yake inali ndi makomo ambiri. Mayi wolowa Loweruka mwina anaona uthenga m'nyuzipepala, mwina amagula pomwepo chaka ndi chaka, mwina amangodutsa. Ngakhale atamufunsa, iye mwini sakanatha kunena mwatchutchutchu chimene chamukoka.

Yankho la vuto la Wanamaker silinali kuwerenga kwambiri obwera. Linali kulimba mtima n'kusiya anthu ena osawauza kanthu, kenako n'kuona kuti iwowo agula bwanji. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya Information Resources inachita zimenezi mwaluso m'matauni ang'onoang'ono monga Marion ku Indiana ndi Pittsfield ku Massachusetts, pa ntchito yotchedwa BehaviorScan. Mabanja ovomera ankapatsidwa khadi loti azionetsa polipira m'magolosale a m'tauniyo, ndipo wailesi yakanema ya m'nyumba mwawo ankailumikiza mwa njira yoti nyumba iyi ione uthenga wa sopo pamene nyumba yoyandikana nayo, pa pulogalamu yomweyo, ikuona zina. Tauni imodzi, nyengo imodzi, mitengo imodzi, masitolo omwewo. Kusiyana kunali uthenga wokha. Ndipo ankadikira miyezi yambiri, kawirikawiri chaka chathunthu. Mu 1995 Leonard Lodish ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za mayeso 389 otere. Pa katundu wodziwika kale, kuwonjezera ndalama zotsatsira kunakweza malonda m'mayeso osafika theka. Katundu watsopano ndi amene ankapindula kawirikawiri. Chidziwitso chimenechi chinalipo, chosindikizidwa, intaneti isanafale. Zimandiwawa kuti chinaiwalika msanga chonchi.

Chinaiwalika chifukwa kunabwera chinthu chooneka ngati kuponi yopanda chilema. Mu 2000 Google inayamba kugulitsa malo a mauthenga pafupi ndi zotsatira za zimene munthu wasaka, ndipo posakhalitsa wotsatsa ankalipira pokhapokha munthu akadina. Kudina kulikonse kumalembedwa. Munthuyo akagula, makina amayang'ana m'mbuyo kuti anadina pati komaliza, n'kupereka ulemu wonse kwa uthenga umenewo. Lipoti limatuluka tsiku lomwelo: mwalipira zakuti, mwagulitsa zakuti, dola iliyonse yabala madola akuti. Ambiri anakhulupirira kuti funso la Wanamaker layankhidwa.

Koma intaneti ndi nyumba ya makomo ambirimbiri kuposa sitolo ya Wanamaker, ndipo uthenga umaikidwa dala pakhomo pamene munthu wofuna kale kugula adutse. Aliyense amene anakwerapo minibasi pa depoti akudziwa mnyamata woitanira amene amaima pakhomo penipeni n'kumakuwa dzina la kumene basi ikupita, kukuwira munthu amene mwendo wake uli kale pa sitepe. Basi ikadzaza amalandira yake ngati kuti onse wawabweretsa ndi iye. Ena wawabweretsadi, anawapeza akulowera ku basi ina. Ambiri akanakwerabe. Kuwerenga anthu odutsa pafupi naye sikungakuuzeni kuti ndi angati a mtundu uti.

Kampani imene inayesa nkhaniyi poyera ndi eBay, msika waukulu wa pa intaneti wa ku America. Akatswiri atatu a zachuma amene ankagwira ntchito kumeneko, Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, anayamba ndi funso laling'ono. Munthu akalemba dzina loti eBay pamalo osakira, pamwamba pankatuluka linki yolipiridwa ya eBay, ndipo mmunsi mwake pang'ono pankatuluka linki yaulere yopita kumalo omwewo. Kampani inkalipira aliyense akadina yapamwambayo, ndipo m'malipoti mauthenga amenewa ankaoneka opindulitsa zedi, poti odina ambiri ankaguladi. Mu Malichi 2012 eBay inasiya kulipirira dzina lake pa Yahoo! ndi MSN, koma pa Google inapitiriza kuti pakhale poyerekezera. Odina linki yolipiridwa anatheratu tsiku lomwelo, monga zinayenera kukhalira. Odina linki yaulere anakwera nthawi yomweyo. Atawerenga bwinobwino anapeza kuti mwa anthu 1,000 alionse, 995 anafikabe. Munthu amene walemba yekha dzina la sitolo ndiye kuti wanyamuka kale ulendo wopita kusitoloko.

Funso lachiwiri linali lovuta komanso la ndalama zambiri. Nanga munthu amene sanalembe dzina la kampani, wangolemba katundu amene akufuna, monga gitala kapena foni? Ameneyu angathe kupita kwa wogulitsa aliyense, ndiye zikuoneka zanzeru kumulipirira. Nthawi imeneyo eBay inkalipirira mawu oposa 100 miliyoni a mtundu umenewu. Kuti ayese, anagwiritsa ntchito mapu amene otsatsa malonda ku America amagawira dziko lawo m'madera 210. Mwa maderawa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linazimitsiridwa mauthenga onse otere kwa masiku 60, ndipo m'madera ena zinthu zinapitirira monga mwa masiku onse. Anaonetsetsa kuti madera ozimitsidwa ndi madera oyerekezera ankagula mofanana mayeso asanayambe. Poyerekeza, sanangoona kuti dera ili lagula zambiri kuposa lija. Anaona mmene malonda a dera lililonse asinthira kuchokera pa nthawi ya mayeso asanayambe, n'kuyerekeza kusinthako pakati pa magulu awiriwo. Mwanjira imeneyi, chilichonse chokhudza dziko lonse nthawi imodzi, kaya nyengo ya tchuthi kaya kusintha kwa chuma, chimagwera mbali zonse ziwiri ndipo sichisokoneza yankho.

Zotsatira zake anazisindikiza mu 2015 m'magazini ya akatswiri a zachuma yotchedwa Econometrica. Kuwerengera kwachizolowezi, kongoona kuti kumene ndalama zotsatsira zachuluka malonda achulukanso, kunkaonetsa phindu loposa 4,000 peresenti, ndiye kuti dola imodzi kubala madola oposa 40. Atachotsapo kusiyana kwa madera ndi kwa masiku, nambalayo inatsika kufika cha m'ma 1,600 peresenti, yokomabe kwambiri. Mayeso a madera osiyidwa anaonetsa kuti mauthengawo ankawonjezera malonda ndi 0.66 peresenti yokha, kachidutswa kakang'ono kovuta kukasiyanitsa ndi ziro, ndipo kampani inkaluza masenti pafupifupi 63 pa dola iliyonse.

Kusiyana kwakukulu chonchi kuli ndi chifukwa chake chomveka. Wotsatsa akamalipira pa kudina kulikonse, ndalama zimatsatira chilakolako cha ogula. Tsiku limene anthu ambiri akufuna kugula, ambiri amasaka, ambiri amadina, bilu imakwera, malonda amakweranso. Wongoyang'ana mizere iwiriyo ikukwera limodzi amati bilu ndi imene yakoka malonda, pamene kwenikweni kufuna kugula ndi kumene kwakoka zonse ziwiri.

Mbali ya kafukufukuyu imene ndimaikonda kwambiri ndi imene anthu ambiri saitchula. Mauthengawo sanali achabechabe kwa aliyense. Kwa anthu amene anali asanagulepo pa eBay, ndi kwa amene ankagula mwa apo ndi apo, ankathandizadi. Munthu wosadziwa kuti katunduyo amapezeka kumeneko ankauzidwa chinthu chatsopano. Kwa amene anagulapo koposa katatu chaka chapitacho, thandizo lake linali losaoneka. Tsoka lake n'lakuti makasitomala okhazikikawa ndi amene ankadina kwambiri, choncho ndalama zambiri zinkathera pa iwo. N'chimodzimodzi ndi zimene a BehaviorScan anaona zaka zambiri m'mbuyomo pa katundu watsopano ndi wodziwika kale: uthenga umagwira ntchito pamene ukuuza munthu chimene sankachidziwa.

Pano pafunika kusamala, chifukwa ena anamva nkhani ya eBay n'kuthamangira kunena kuti kutsatsa pa intaneti konse n'kutaya ndalama. Si zimene mayesowo ananena. Ku America eBay ndi dzina lodziwika kwa aliyense, ndipo linki zake zaulere zinkatuluka pamwamba. Kafukufuku wina amene Andrey Simonov, Chris Nosko yemweyo ndi Justin Rao anachita pa Bing, wokhudza makampani ambiri, anapeza kuti pamene palibe wopikisana naye, kulipirira dzina lako kumawonjezera zochepa kwambiri. Koma pamene opikisana nawe akugula malo a pa dzina lako, ukachokapo amakulanda gawo lalikulu ndithu la odina. Pa depoti pakakhala oitanira a mabasi ena, wako amakhala ndi ntchito. Ndiye yankho la kampani ina simungalibwereke. Chimene mungabwereke ndi njira yopezera yankholo.

Njirayo si ya makampani a mabiliyoni okha. Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke, kuti muli ndi sitolo imene yasunga manambala a foni a makasitomala 20,000 amene anavomera kulandira mauthenga. Mukufuna kuwatumizira uthenga wa pafoni wowalonjeza kuchotsera K1,000 akagula m'masabata awiri akubwerawa. Uthenga uliwonse ukudyerani K20, ndipo munthu akagula mumapindula K5,000 musanamuchotsere. Musanatumize, mwachita maere n'kupatula anthu 2,000 kuti asalandire kanthu. Otsala 18,000 alandira.

Masabata awiri atha. Mwa olandira uthenga, 900 agula, ndiye kuti 5 pa 100 alionse. Wowerenga mwachizolowezi akhoza kuvina: anthu 900, aliyense wasiya K4,000 mutachotsera, ndi K3,600,000, kuchotsapo K360,000 ya mauthenga, kwatsala K3,240,000. Tsopano tsegulani mndandanda wa osiyidwa aja. Mwa 2,000, anthu 80 agula popanda kuuzidwa ndi aliyense, ndiye kuti 4 pa 100 alionse. Gulu lalikulu likanasiyidwanso, 4 pa 100 a 18,000 akanagulabe, amene ndi anthu 720. Obwera chifukwa cha uthenga ndi 180 okha. Iwowa abweretsa K900,000. Koma K1,000 ija mwachotsera onse 900, kuphatikizapo 720 amene akanalipira mtengo wonse mosadandaula, ndipo imeneyo ndi K900,000. Onjezanipo K360,000 ya mauthenga. Mwaluza K360,000 pa ntchito imene lipoti loyamba lija likuti yapindula mamiliyoni atatu. Ndalama zili mu kabati, sitolo inadzaza, antchito anatopa, ndipo popanda anthu 2,000 aja palibe chikanakuchenjezani.

Komabe nambala ya 180 musaigwire ngati mwala. Mukanachita maere kachiwiri n'kupatula anthu ena 2,000, ogula mwa iwo sakanakhala 80 ndendende. Mwa mwayi chabe akhoza kukhala pakati pa 63 ndi 97. Mukawerengera kugwedezeka kumeneku mbali zonse ziwiri, obwera chifukwa cha uthenga angakhale ochepa mpaka 15 kapena ochuluka mpaka 345, pamene kuti mubweze ndalama zanu pafunika 252. Chonena mwachilungamo n'chakuti uthengawo wakokako anthu, kuti n'kutheka kwambiri kuti simunabweze ndalama, ndipo kuti phindu la mamiliyoni atatu lija kulibe ngakhale zitakomera mbali yanu chotani. Kuti yankho likhwime, gawani anthu pakati ndi pakati, 10,000 uku 10,000 uku, kapena bwerezani mayeso miyezi ingapo n'kuphatikiza zotsatira. Lamulo lake ndi louma mtima: kuti kugwedezekako kuchepe ndi theka, pafunika anthu ochuluka kanayi.

Vuto limeneli limagwira ndi akuluakulu omwe. Randall Lewis ndi Justin Rao anaunika mayeso 25 akuluakulu a pa intaneti, ambiri mwa iwo okhudza anthu mamiliyoni, n'kusindikiza mu 2015 kuti ngakhale pamenepo kunali kovuta kusiyanitsa ntchito yotsatsa yopindulitsa ndithu ndi yongobweza ndalama. Chifukwa chake n'chakuti anthu amagula mosiyana kwambiri, wina osagula kalikonse, wina kugula katundu wodzaza galimoto, pamene uthenga umangosuntha munthu pang'ono. Choncho mayeso akalephera kuonetsa kusiyana, funsani kaye kuti kugwedezeka kwake n'kwakukulu bwanji. Kulephera kuona phindu ndi kuona kuti phindu palibe ndi zinthu ziwiri.

Zimene zimaononga mayeso otere kawirikawiri ndi zochita za anthu. Choyamba ndi chifundo posankha. Woyang'anira malonda safuna kuti makasitomala ake abwino amanidwe uthenga, ndiye amapatula amene sagulagula kuti ndiwo akhale osiyidwa. Akatero wadzilembera yekha yankho, chifukwa gulu lolandira likanaposa linalo ngakhale popanda uthenga. Maere akhale maere: pa mndandanda wa pa kompyuta ikani nambala yamwayi pafupi ndi dzina lililonse, mwachitsanzo ndi `=RAND()`, sanjani mndandanda potsata manambalawo, n'kudula 2,000 oyambirira osayang'ana maina. Kenako bwererani m'mabuku a miyezi itatu yapitayo muone ngati magulu awiriwo ankagula mofanana. Ngati ankasiyana kale, chitaninso maere musanatumize.

China chimene chimanyenga ngakhale anthu ophunzira ndi kusankha pambuyo pake. Wina amati, popeza si onse anatsegula uthenga, tiyerekeze amene anatsegula okha ndi gulu losiyidwa. Zimamveka zanzeru koma zimabwezera vuto lomwe lija, poti amene amatsegula mauthenga a sitolo yanu ndi amene amaikonda kale. Yerekezani onse amene munawatumizira ndi onse amene munawasiya, kaya anawerenga kaya sanawerenge. Samalaninso ndi uthenga wodumpha mpanda. Mayi walandira, watumizira mchemwali wake amene ali m'gulu losiyidwa. Kapena foni ndi imodzi m'banja. Mudzazindikira mukaona anthu a m'gulu losiyidwa akufunsa za K1,000 ija polipira. Zikachuluka, kusiyana kwa magulu kumachepa ndipo uthenga umaoneka wofooka kuposa mmene ulili. Pamene uthenga sungabisike, monga wa pa wailesi kapena pa chikwangwani cha pamsewu, gawani madera m'malo mogawa anthu, monga anachitira a eBay. Ndipo musatseke buku tsiku limene kuchotsera kwatha. Pitirizani kuwerenga masabata ena angapo, chifukwa nthawi zina uthenga umangofulumizitsa munthu amene akanagula kumapeto kwa mwezi. Mudzaona gulu losiyidwa likufika pang'onopang'ono pamene linalo lili.

Masiku ano, zoona, zipangizo zoyesera zilipo zabwino kuposa zimene Hopkins akanalota. Kale wofuna kuyesa pa intaneti ankalipira kuti gulu losiyidwa lionetsedwe uthenga wina wosakhudzana ndi malonda ake, monga wa bungwe lachifundo, n'cholinga choti adziwe amene akanaona uthenga weniweni. Mu 2017 Garrett Johnson, Randall Lewis ndi Elmar Nubbemeyer anafotokoza njira yosafuna ndalama zimenezo: makina amangolemba mwakachetechete kuti apa munthu uyu akanaona uthenga wakuti, koma osamuonetsa. Google ndi Facebook onse ali ndi zida zopatulira gulu losiyidwa. Ndipo mu 2019 Brett Gordon ndi Florian Zettelmeyer, pamodzi ndi ofufuza a ku Facebook komweko, anatenga mayeso 15 a maere n'kuyesa ngati masamu apamwamba, opanda gulu losiyidwa, angafike pa yankho lomwelo. Ngakhale anali ndi chidziwitso chochuluka chokhudza munthu aliyense, kawirikawiri masamuwo ankaphonya, ndipo nthawi zambiri ankakokomeza mphamvu ya uthenga. Makina amene amasankha woti aone uthenga anapangidwa kuti apeze munthu amene watsala pang'ono kugula, ndiye akamachita bwino ntchito yawo, m'pamene lipoti lopanda gulu losiyidwa limanama kwambiri. Kuchokera mu 2021, pamene Apple inayamba kufunsa eni mafoni ngati akulola kutsatiridwa, kulondola munthu kuyambira pa kudina mpaka pa kugula kwavuta, ndipo makampani ambiri abwerera ku njira yakale yoyerekeza matauni.

Chimene sichinabwerere ndi mtima wakale uja. Mwini kampani ya pa positi ankawerenga maoda m'buku lake, ndi ndalama zake, ndipo uthenga wolephera unkamupweteka iye yekha. Lero nkhani imadutsa m'manja ambiri. Wogulitsa malo a mauthenga ndi amene amatulutsanso lipoti la mmene mauthengawo achitira. Kampani yolembedwa ntchito yotsatsa nthawi zambiri imalandira gawo la ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito. Woyang'anira malonda amayamikiridwa malinga ndi nambala ya pa lipoti. Palibe woipa pakati pawo, koma palibenso amene tulo take timakoma akamva kuti 720 mwa 900 akanagulabe. Ndiponso kusiya gulu kumaoneka ngati kutaya makasitomala dala, pamene lipoti la pa foni limasintha ola lililonse n'kumakuitana kuti uweruze lero lomwe. M'chitsanzo chathu chija, kusiya anthu 2,000 kunakutayitsani ogula pafupifupi 20, ndipo kunakuululirani za K360,000 imene mukanaitaya mwezi ndi mwezi uku mukusangalala. Ine ndikuona kuti malonda otere ndi otchipa kwambiri, ndipo kampani imene imakana kuyesa siikupulumutsa ndalama ayi, ikungoopa yankho.

Inu amene muli ndi mndandanda wa makasitomala, kapena mumalipira mauthenga pa intaneti mwezi uliwonse, ulendo ukubwerawu chitani maere musanatumize. Lembani papepala, tsiku lisanafike, kuti mudzawerenga chiyani, mudzasiya liti kuwerenga, ndipo pafunika ogula owonjezera angati kuti ndalama zibwerere. Osiyidwawo musawakhudze mpaka tsikulo litakwana, ngakhale malonda a sabata yoyamba akome bwanji. Ndipo amene adzakubweretsereni lipoti la phindu, mufunseni kuti gulu limene silinaone uthenga linagula zingati.